Kodi Kowatemu akugwirabe ntchito? Mankhwala a malungo, pomwe amamenya, ndi tizilombo tosamva mankhwala

Mvula ikakhazikika mu Januwale, mizere ya pachipatala imatalika kuyambira ku Ulongwe mpaka ku Zobwe, ndipo pamzere pomwepo mumamva mawu akuti "Kowatemu wa masiku ano ngwofooka." Ena amene amadumpha malire kukalandira chithandizo ku Dedza kapena ku Ntcheu amati LA wa ku Malawi ndiye wamphamvu, osadziwa kuti LA ndi Kowatemu ndi mankhwala amodzimodzi, maina okha ndiwo asiyana. Pa wailesi namonso mwamveka kuti ku Rwanda ndi ku Uganda tizilombo ta malungo tayamba kusamva mankhwala. Munthu akaphatikiza zimene wamva pamzere ndi za pa wailesi, amaganiza kuti ndi nkhani imodzi. Nthawi zambiri sizikhala choncho, ndipo kuti tione kusiyana kwake tiyenera kuyamba tadziwa kumene kachilombo kamakhala m'thupi.

Ulendo wa kachilomboka

Malungo ambiri a kuno ku Mozambiki, oposa 90 pa 100 alionse, amayamba ndi kachilombo ka mtundu wa falisipalamu. Udzudzu waukazi wa anofelesi ukaluma, umalavulira tizilombo tochepa chabe, ndipo timapita kuchiwindi. M'menemo timakhala pafupifupi mlungu umodzi tikuswana, kamodzi n'kubala masauzande ambirimbiri, koma munthu samva kanthu. Amalima, amapita kumsika, ali bwinobwino.

Kenako timatuluka m'chiwindi n'kulowa m'maselo ofiira a magazi. Kachilombo kakalowa m'selo kamayamba kali kang'ono, kooneka ngati mphete, kamadya n'kukula, n'kugawikana kukhala tiana pafupifupi 16 kapena kuposerapo. Pakatha maola 48 selo lija limaphulika, tiana tija n'kulowa m'maselo ena. Kuzizidwa, kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya m'thupi zimachokera apa. Tina tochepa timasiya kuswana n'kusanduka tatimuna ndi tatikazi, timakhwima pa masiku 10 mpaka 12, n'kumadikira udzudzu wina kuti udzatitenge. Itoto sitidwalitsa mwini thupi, koma ndi mbewu ya malungo a mnzake.

Tikayerekeza ndi munda, chiwindi ndi nazale, magazi ndi munda weniweni, ndipo tatimuna ndi tatikazi tija ndi mbewu yosungira chaka chamawa. Palibe mankhwala amodzi amene amagwira bwino malo onse atatu. Ambiri amene timawadziwa amamenya m'magazi, poti ndi momwe muli matenda.

Kolorokwini ndi abale ake: kuletsa kachilombo kusukulutsa chakudya

Aliyense amene anadyako chinangwa chowawa amadziwa kuti muli chakudya komanso muli poizoni, ndipo chimayamba chaviikidwa. Kachilombo ka malungo kali ndi vuto lomwelo. Kamadya himogulobini, chinthu chimene chimafiiritsa magazi, koma pomugaya pamatsala kachigawo kokhala ndi ayironi komwe n'koopsa kwa iko komwe. Ndiye m'kathumba kake kogayira chakudya kamaumba poizoniyu kukhala timiyala takuda tosavulaza. Kolorokwini amadzazana m'kathumba kameneka n'kuletsa kuumbako, kachilombo n'kufa ndi zotsala za chakudya chake chomwe. Kwinini, amodiyakwini, pipelakwini ndi lumefantirini amamenyanso chapompo, ngakhale kuti aliyense ali ndi kachitidwe kake.

Kwinini ndiye gogo wa onse, wochokera ku makungwa a mtengo wa ku South America. Kolorokwini anapangidwa ku Jeremani mu 1934, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha anafalikira paliponse chifukwa anali wotsika mtengo. Akuluakulu amakumbukira kuwawa kwake, ndi kuyabwa kuja komwe kunkachititsa ena kudzikanda usiku wonse.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, tizilombo tosamva kolorokwini tinaoneka m'malire a Tailandi ndi Kambodiya komanso ku Kolombiya. Ku Afirika ya kummawa tinapezeka mu 1978, ndipo m'zaka za m'ma 1980 tinali titafika kuno kummwera. Chimene chinasintha ndi kakhomo ka pa kathumba kogayira kaja: kanayamba kutulutsira kolorokwini kunja asanagwire ntchito. Akatswiri amalemba kusinthaku ngati K76T.

Apa tiimepo pang'ono, poti anthu ambiri amasokoneza. Si thupi la munthu limene "limazolowera" mankhwala. Komanso kachilombo sikaphunzira. Pakati pa tizilombo mabiliyoni, kamodzi kamabadwa kosiyana pang'ono mwangozi. Mankhwala akapha tinzake tonse, iko kamatsala ndi munda wonse, kamaswana, udzudzu n'kukanyamula. N'chimodzimodzi anankafumbwe m'nkhokwe: mukathira mankhwala operewera chaka ndi chaka, amene amatsala ndi olimba okhaokha, ndipo ana awo ndiwo mudzakumane nawo.

Chodabwitsa chinachitika kwa anansi athu. Malawi inasiya kolorokwini mu 1993, dziko loyamba mu Afirika kutero. Ku Blantyre, tizilombo tokhala ndi K76T tinali 85 pa 100 mu 1992, koma pofika 2000 tinatsika kufika 13 pa 100, ndipo atamuyesanso kolorokwini pa ana mu 2005 anachiza pafupifupi onse. Chifukwa chake n'chakuti kusamva mankhwala kuli ndi mtengo wake: kachilombo kokhala ndi kakhomo kosinthika kaja sikakula bwino ngati tinzake, ndiye mankhwala akachoka timakapitirira. Mozambiki inasiya kolorokwini kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo kunonso tizilombo tambiri tabwerera mwakale. Mfundoyi tiisunge, tidzaifunanso kumapeto.

Fansida: kutseka njira imodzi pawiri

Kuti kachilombo kagawikane kamafunika vitamini yotchedwa foleti, ndipo kamadzipangira kokha. Fansida ali ndi mankhwala awiri, salufadokisini ndi pirimetamini, ndipo aliyense amatseka sitepe yake pa njira yopangira foletiyo, ngati munthu amene walanda chikombole kenako n'kuzimitsanso uvuni wa njerwa. Anali wosavuta, mapiritsi atatu kamodzi basi. Koma tizilombo tinasintha pang'onopang'ono, kusintha kumodzi pamwamba pa kunzake mpaka kusanu, ndipo lero tizilombo tambiri ta ku Mozambiki tili nako kusanu konseko. N'chifukwa chake Fansida sachizanso malungo.

Nanga bwanji amaperekedwabe kusikelo? Chifukwa kuteteza ndi kuchiza n'zosiyana. Mayi woyembekezera amene sakudwala amakhala ndi tizilombo tochepa komanso chitetezo china cha m'thupi, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti Fansida amathandizabe kuti mwana abadwe ndi sikelo yabwino. Amayamba pa mwezi wachinayi, kamodzi pa mwezi, kosachepera katatu. Mayi amene akumwa Bakitirimu tsiku ndi tsiku sapatsidwa Fansida, poti onsewa amamenya njira imodzi.

Kowatemu: moto wa mapesi ndi chikuni

Atemisinini anachokera ku chitsamba china cha ku China. Anamupeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 pa ntchito ya boma la China yomwe inayamba mu 1967, ndipo mayi Tu Youyou analandira mphotho ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchitoyi. Atemeta, amene ali mu Kowatemu, ndi atesuneti ndi ana a atemisinini. Kagwiridwe kawo n'kosiyana ndi ka kolorokwini. Ali ngati msampha wotchera: akakhudzana ndi ayironi uja wotsala pogaya himogulobini amafwamphuka n'kuwononga zam'kati mwa kachilombo paliponse. Amapha ngakhale timphete tating'ono tija, zomwe mankhwala ena ambiri sakwanitsa. N'chifukwa chake wodwala amapeza bwino msanga, ndipo n'chifukwa chakenso pa malungo aakulu jakisoni wa atesuneti analowa m'malo mwa kwinini. Kafukufuku wa ana oposa 5,000 m'maiko 9 a mu Afirika, womwe unachitikiranso ku Beira ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2010, anapeza kuti imfa zinachepa ndi 22.5 pa 100 poyerekeza ndi kwinini.

Vuto lake ndi lakuti ndi moto wa mapesi. Pakangotha maola ochepa amakhala atatha m'magazi. Ndiye anamuphatikiza ndi lumefantirini, amene ali ngati chikuni: sayaka mwaukali koma amanyeka kwa masiku, ndipo theka lake limatenga masiku atatu mpaka asanu ndi limodzi kuti lichoke m'thupi. Piritsi limodzi lachikasu la Kowatemu lili ndi mamiligalamu 20 a atemeta ndi 120 a lumefantirini. Ku Mozambiki akhala mankhwala oyambirira kuyambira 2009.

Tiwerengere kuti tione chifukwa chake Kowatemu amamwedwa masiku atatu. Munthu wamkulu wodwala kwambiri akhoza kukhala ndi tizilombo mabiliyoni 100 m'magazi. Atemeta akagwira bwino amatichepetsa maulendo pafupifupi 10,000 pa maola 48 alionse. Ndiye pakutha pa maola 48 oyamba tatsala mamiliyoni 10. Masiku atatu a mankhwala amakhudza mibadwo iwiri ya tizilombo, choncho pa m'badwo wachiwiri tatsala 1,000. Tizilombo 1,000 itoto ndi ntchito ya lumefantirini, ndipo saivutikira. Koma munthu akasiya pa tsiku loyamba chifukwa thupi lazizira, amasiyira lumefantirini mamiliyoni, pomwe lumefantiriniyo sanadzaze m'magazi, poti amaunjikana ndi kumwa kulikonse mpaka kwachisanu ndi chimodzi. Pamenepo ndiye pamene tizilombo tambiri timakumana ndi mankhwala ofooka, malo abwino osankhirapo tolimba.

Amene amafika kuchiwindi ndi kumbewu

Awa tiwadutse mwachangu. Pirimakwini amapha tatimuna ndi tatikazi tokhwima, zomwe Kowatemu sachita mokwanira, ndipo mlingo umodzi waung'ono, mamiligalamu 0.25 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, umakwanira kuti udzudzu usatenge mbewu. Amaphanso tizilombo togona m'chiwindi ta mitundu ya vaivakisi ndi ovale, koma falisipalamu alibe togona totere, choncho malungo athu akabwerera si kuti "anabisala m'chiwindi" monga ena amanenera. Pirimakwini wambiri amaphwanya maselo a magazi mwa anthu obadwa ndi vuto la G6PD, ndipo saperekedwa kwa amayi oyembekezera. Palinso atovakoni-poroguwanilo ndi dokisisaikilini, omwe amamwa alendo obwera kudzagwira ntchito kuno pofuna kudziteteza.

Kodi "kusamva atemisinini" n'kutani kwenikweni?

Mawuwa amaopsa kuposa mmene zinthu zilili, komanso mbali ina amabisa choopsa chenicheni. Kolorokwini atagonja, anagonjeratu. Atemisinini sizinatero. Zimene madokotala anaona kumadzulo kwa Kambodiya, ku Pailin, cha m'ma 2008 ndi 2009, n'zakuti tizilombo tinkachedwa kutha m'magazi: m'malo moti pa tsiku lachitatu magazi akhale oyera, tinkaonekabe. Mu 2014 anapeza kuti gwero lake ndi kusintha kwa kachidutswa ka chibadwa cha kachilombo kotchedwa kelichi 13. Kachilombo kotere, kakadali kamphete, kamadya himogulobini wochepa. Chakudya chikachepa, ayironi wofwamphula msampha uja amachepanso, ndipo poti atemeta sakhalitsa, kamangopirira maola ochepawo. Khoswe wochenjera amene amangonyambita nyambo.

Ndiye wodwala amachirabe, malinga ngati lumefantirini ali ndi mphamvu. Koma bwererani ku chiwerengero chija. Ngati atemeta sakuchepetsanso tizilombo maulendo 10,000, otsalira a lumefantirini sakhalanso 1,000, amakhala ochuluka kwambiri, mwa wodwala aliyense, chaka ndi chaka. Ku Kambodiya zinatha choncho: mnzake wa atemisinini kumeneko anali pipelakwini, ndipo patangopita zaka zochepa nayenso anagonja, m'madera ena odwala okwana theka osachira.

Mu Afirika kusinthaku sikunachokere ku Asiya ngati mmene zinalili ndi kolorokwini. Kunabadwira konkuno, malo angapo paokhapaokha: ku Rwanda kunalengezedwa mu 2020, ku Uganda mu 2021, kenako ku Eritireya ndi ku Tanzania chakumpoto chakumadzulo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa ndondomeko yolimbana ndi vutoli mu Novembala 2022, ndipo Zambia ili m'gulu la maiko amene akuganiziridwa kuti nakonso kwayamba. Kwa ife a ku Tete zimenezi si zakutali, poti Chifunde, Maraviya ndi Zumbu achita malire ndi Zambia, ndipo magalimoto a katundu amadutsa pa Kasakatiza tsiku lililonse.

Za kuno kwathu, mu 2018 Kowatemu anayesedwa pa ana m'malo anayi a dziko lino: Masinga, Mopeya, Montepuwezi ndi Mowatize wathu yemweyu. Atawatsatira masiku 28, ochira anaposa 95 pa 100. Mlingo wa WHO ndi wakuti mankhwala asinthidwe ngati olephera kuchira apitirira 10 pa 100.

Mwana wabwereranso pa tsiku la 20

Tiyerekeze mwana wa makilogalamu 18 wa kumudzi wina ku Makanga. Sikelo yake ili pakati pa 15 ndi 25, ndiye amamwa mapiritsi awiri nthawi imodzi, kasanu ndi kamodzi, onse pamodzi 12. Akamwa oyamba 10 koloko mmawa, achiwiri ndi 6 koloko madzulo, patatha maola 8, kenako mmawa ndi madzulo kwa masiku awiri. Patatha masiku 20 thupi latenthanso, kachipangizo koyezera kaonetsa mizere iwiri, mayi ake n'kunena kuti, "Adokotala, mankhwala aja sanagwire."

Dokotala wodziwa ntchito sangavomere kapena kukana msanga. Choyamba, kachipangizo kaja sikaona kachilombo, kamaona puloteni imene kachilombo kamasiya m'magazi, ndipo puloteniyi imatha kukhalamo milungu inayi kapena kuposa tizilombo titafa kale. Mizere iwiri pa tsiku la 20 ili ngati phulusa: ikusonyeza kuti panali moto, osati kuti ukuyakabe. Mwanayo akhoza kukhala ndi chibayo kapena matenda a m'khutu. Chofunika apa ndi kuyeza magazi pa maikulosikopu.

Tinene kuti pagalasi taonekadi tizilombo. Mafunso amayamba: "Mayi, mapiritsi onse 12 anatha? Anasanza? Ankamwera chiyani?" Mayankho ake ndi amene amamveka m'midzi yonse. Mwana anachira pa tsiku lachiwiri, mkulu wake n'kuyamba kutentha thupi, chipatala chili kutali, otsala anayi n'kupatsa mkuluyo. Sikuti mayiyo ndi wosasamala, wagawa chimene anali nacho. Kapena mwana anasanza patangopita mphindi khumi, osamupatsanso, pomwe akasanza theka la ola lisanathe amayenera kumwanso. Kapena ankamwera madzi okha m'mimba muli pululu. Lumefantirini salowa bwino m'magazi popanda mafuta, ndipo safuna ambiri: mkaka pang'ono, bere la mayi, phala lothira nsinjiro. Palinso mapiritsi ogula pamsika, ongotayanitsa m'kapepala, omwe palibe angatsimikize zimene zili m'kati mwake.

Ngati zonsezi zinayenda bwino, patsalabe zinthu ziwiri. Mwina ndi malungo atsopano: lumefantirini amateteza kwa milungu iwiri kapena kupitirira pang'ono, ndipo nthawi ya dzinja mwana wogona kunja kwa neti amalumidwa usiku uliwonse. Kapena ndi tizilombo takale tomwe tapulumuka. Pa maikulosikopu ziwirizi sizisiyana. Amasiyanitsa ku labotale yaikulu poyerekeza chibadwa cha tizilombo ta tsiku loyamba ndi ta tsiku lobwerera, ndipo izi zimachitika pa kafukufuku ngati wa ku Mowatize uja, osati pa wodwala aliyense. N'chifukwa chake malangizo a WHO anangodula pa masiku 28: malungo otsimikizika akabwerera masikuwa asanakwane, wodwala apatsidwe mankhwala ena ophatikiza, monga atesuneti-amodiyakwini, akabwerera pambuyo pake amatengedwa ngati atsopano ndipo Kowatemu amaperekedwanso.

Nkhani ya mwana mmodzi siingatiuze kuti kusamva mankhwala kwafika. Chimene chimadzutsa akatswiri ndi pamene odwala oposa 10 pa 100, omwa mankhwala pamaso pa namwino, akupezekabe ndi tizilombo pa tsiku lachitatu.

Zimene sizinayankhidwe

Funso loyamba likuchokera ku nkhani ya kolorokwini ija. Tizilombo tomwe tabwerera mwakale, tomva kolorokwini, ndi tomwenso timapirirako pang'ono lumefantirini, pomwe amodiyakwini amapha tizilombo timeneti bwino. Mankhwala awiriwa amakokera mbali zosiyana, ngati ana awiri pa katungwe wa thabwa. Ena akuti tigwiritse ntchito mwayi umenewu poika atemeta, lumefantirini ndi amodiyakwini m'piritsi limodzi. Ena akuda nkhawa ndi mtengo wake, ndi kusanza komwe kungachuluke mwa ana, komanso akuti tisawononge mankhwala awiri nthawi imodzi.

Lachiwiri ndi lakuti dziko lidalire mankhwala amodzi kapena angapo. Pali maganizo akuti zigawo zosiyana zizigwiritsa ntchito mankhwala osiyana, kapena azisinthidwa pakapita nyengo, kuti kachilombo kasakumane ndi mdani mmodzi paliponse. Pa pepala n'zomveka. Koma woyang'anira nyumba yosungira mankhwala m'boma ngati Zumbu, amene amavutika kale kuti mtundu umodzi usathe m'dzinja, angafunse kuti mitundu itatu adzaisamala bwanji.

Lachitatu ndi pirimakwini. Tizilombo tochedwa kufa timasiya mbewu yambiri yopita ku udzudzu, ndiye ena akufuna kuti mlingo umodzi uja uziperekedwa pamodzi ndi Kowatemu ngakhale m'madera a malungo ambiri. Ena akuti kumene anthu ochuluka ali ndi tizilombo osadwala n'komwe, kupatsa odwala okha sikungasinthe zambiri.

Palinso mankhwala atsopano osachokera ku atemisinini, monga ganapulasaidi wophatikiza ndi lumefantirini, amene ayesedwa m'maiko a mu Afirika. Koma nawonso atsamira pa lumefantirini yemweyo, ndipo za mtengo wake ndi nthawi imene angadzafike pa chipatala cha kumudzi sizinadziwike. Ndipo funso la ife a m'malire: Mozambiki, Malawi ndi Zambia onse amadalira atemeta-lumefantirini, koma aliyense amayeza payekha, m'malo ochepa, pakapita zaka. Kachilombo kosinthika kakadzalowera ku Chifunde kapena ku Zumbu, kadzatenga nthawi yaitali bwanji kuti kaonekere pa kafukufuku wa ku Mowatize?